Palibe khoti imene inagamula munthu kuti akafe ndi TB

Tikakamba za akaidi odwala, yankho timalidziwa kale tisanatsilize. Wina mu basi, wina pa msika, nthawi zina ngakhale mkulu wa mpingo, amangoti: "Ndende si hotela. Anadzifunila okha." Mau amenewa tawamva kambili, ndipo ena a ife tinali kuwakambanso, mpaka tsiku limene tinaima pa geti ndi kontena ya nsima ndi ndiwo, kuyembekeza kuti atiitanile muphwa wathu.

Tivomela, ndende si hotela. Koma tiuzeni, ndi majisitileti uti amene anawelengapo cigamulo cakuti "zaka zitatu, kuwonjezelapo cifuwa cacikulu"? Cilango cimene khoti imapeleka ndi kulandidwa ufulu woyenda. Zina zonse zimene munthu amakumana nazo m'kati, njala, mphele, kusiyitsidwa mankhwala, kukwapulidwa, palibe woweluza anazisaina. Ndipo musaiwale kuti ambili ogona m'ndende zathu sanaweluzidwe n'komwe. Ali pa limandi. Pa malamulo ndi anthu osalakwa monga inu amene mukuwelenga izi.

Amene sanaonepo m'kati ayambe wadziwa mmene tsiku limayendela. Zitseko za maselo zimatsekedwa ca m'ma 16 koloko, dzuwa likali pamwamba, ndipo zimatsegulidwa m'mawa kutaca. Ndiye kuti maola khumi ndi asanu kapena kuposa, anthu ali m'cipinda cimodzi ca mawindo ang'onoang'ono, cimbudzi cili pakona, kapena baketi. M'maselo odzala anthu amagona cammbali, wina kutsatana ndi mnzake, ndipo kumene kwadzalitsa amagona cokhala, msana pa cifuwa ca wakumbuyo. Munthu mmodzi wokhosomola TB m'cipinda cotelo safunika kukhudza aliyense. Tuzilombo twa TB tumayandama mu mpweya kwa maola, ndipo mpweya umenewo ulibe potulukila.

Izi si nthano za m'mabala. Mu 2010 bungwe la Human Rights Watch, pamodzi ndi PRISCCA ya kuno kwathu ndi ARASA, linatulutsa lipoti la ndende za mu Zambia. Linapeza kuti Chimbokaila ya ku Lusaka, yomangidwila anthu pafupifupi 200, inali kusunga oposa 1,100, ndipo Mukobeko ya ku Kabwe, ya anthu 400, inali ndi oposa 1,700. Panthawiyo ndende zonse za m'dziko lino zinali ndi dokotala mmodzi cabe, ndipo pa ndende 86, zimene zinali ndi kiliniki kapena cipinda ca odwala zinali 15. Posakhalitsa ofufuza anapima anthu mu Chimbokaila n'kupeza kuti pafupifupi anayi pa anthu 100 alionse anali ndi TB yotsimikizika m'makhololo, ciwelengelo coposa kangapo ca anthu a kunja.

Kucokela nthawi imeneyo zina zasintha, ndipo sitibisa. Makiliniki awonjezeka, kupima TB ndi HIV pofika kunayamba m'ndende zikuluzikulu, ndende zatsopano zamangidwa monga ku Mwembeshi. Mu 2016 dzina linasintha kukhala Zambia Correctional Service, ndipo mu 2021 panabwela lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lakale la ndende. Koma akaidi aposa 20,000 m'malo osakwana n'komwe ciwelengelo cimeneco, ndipo kusintha cikwangwani pa geti sikukulitsa windo. Mu Disembala 2019 Khoti Yaikulu Kwambili ya dziko lino inagamula mlandu wa akaidi awili a ku Chimbokaila amene anali pa ma ARV. Inati cakudya cosakwanila ndi kupanikizana kumene anali kukhalamo kunaphwanya ufulu wao wokhala ndi moyo komanso ufulu wosacitilidwa nkhanza, ndipo inalamula boma kuti licepetse kudzala ndi kukonza za cakudya. Conco amene akuti "anadzifunila okha" sakutsutsana ndi ife cabe, akutsutsana ndi oweluza aakulu a dziko lino.

Koma nkhani imene tifuna kukhalapo ndi ya kamtunda kakafupi kocokela pa citseko ca selo kufika pa citseko ca kiliniki. Nthawi zina ndi mapazi 50 cabe. Pa kamtunda kameneka m'pamene anthu ambili amataila moyo.

Muphwa wathu anagwidwa ali pa sabata lacisanu ndi cimodzi la mankhwala a TB. Amene anasamalilapo wodwala TB adziwa mmene zimakhalila. Mankhwala ndi a miyezi isanu ndi umodzi, osadumpha tsiku. Miyezi iwili yoyamba mapilitsi amakhala ndi mankhwala anayi pamodzi, ndipo miyezi inayi yotsatila amakhala ndi awili. Ciwelengelo ca mapilitsi cimatsatila sikelo. Iye anali ndi makilo 52, anali kumwa atatu m'mawa ulionse. Analinso pa ma ARV, aja a pilitsi limodzi pa tsiku, ndipo cifukwa cakuti rifampisini wa mu mankhwala a TB amacepetsa mphamvu ya dolutegilaviya m'thupi, a ku kiliniki anam'patsa kapilitsi kena ka dolutegilaviya kakumwa patapita maola 12. Mitundu itatu ya mapilitsi, nthawi ziwili pa tsiku. Zonsezi zinatsala pa shelefu kunyumba, pamodzi ndi makhadi ake.

M'maselo a kapokola anakhalamo masiku asanu ndi anayi, ngakhale lamulo limanena kuti munthu aonekele ku khoti mwamsanga. Ife tinali kuthamangila za belo, za mboni zom'saina, ndipo za mankhwala tinazikumbukila tsiku lacinayi. Kumeneko kunali kulakwa kwathu, ndipo timakuvomela. Titawapeleka, sanam'tsatile pamene anam'pititsa ku ndende ya limandi, imene sitiichula pano. Atafika anauza wom'lembela kuti ali pa mankhwala. Anamufunsa khadi. Analibe. Anamuuza kuti adzalembetse m'mawa kwa kapitawo.

Apa m'pamene pali cinthu cimene anthu a kunja sacidziwa. Usiku ndi m'mawa, amene amalamulila selo ndi akaidi anzao, makapitawo. Ndi iwo amagawa malo ogona, amasunga bata, ndipo m'ndende zambili ndi iwo amalemba maina a ofuna kuonana ndi a cipatala. Ofisala akabwela n'kunena kuti lelo atenga anthu khumi cabe, kapitawo ndiye amasankha khumiwo. Sopo, shuga, fodya, ndiwo zocokela kunyumba, zonsezi zimasanduka ndalama. Amene alibe omuyendela alibe cogulila malo pa mndandanda. Muphwa wathu analembetsa masiku atatu otsatizana, ndipo tsiku lililonse anauzidwa kuti iye akuyenda yekha, pali odwala kuposa iye.

Sitikunena kuti kapitawo aliyense ndi woipa, kapena kuti maofisala onse ndi ankhanza. Ofisala mmodzi woyang'anila anthu mazana sangacite popanda omuthandiza, ndipo wodwala akafunika kupita ku cipatala cacikulu pamafunika motoka, mafuta ndi alonda om'pelekeza, zimene nthawi zambili palibe. Koma cifukwa si cilolezo. Malamulo a Nelson Mandela, amene maiko a United Nations anagwilizana mu 2015 monga muyezo wotsikitsitsa wosungila akaidi, amanena momveka. Lamulo 24 limati mkaidi alandile cithandizo ca umoyo cofanana ndi ca anthu a kunja, kwaulele, ndipo limachula TB ndi HIV pokamba zakuti mankhwala asadukize. Lamulo 27 limati cosankha pa za matenda ndi ca akatswili a zaumoyo, ndipo wina amene si wa zaumoyo sangacikane. Lamulo 30 limati munthu aliyense apimidwe mwamsanga akangofika. Kapitawo amene akuyang'ana munthu m'maso n'kunena kuti "iwe sunadwale" akugwila nchito ya dokotala popanda pepala, ndipo amene anam'patsa nchitoyo ndiye wolakwa.

Pamene tinakwanitsa kuongola zinthu, panali patapita masiku 23 osamwa mankhwala bwino. N'cifukwa ciani timawelenga masiku? Cifukwa TB imawelenga. Munthu akamwa mankhwala oyenela kwa masabata angapo, kupatsila ena kumacepa kwambili. Akasiya, tuzilombo tumayambanso kuculuka, ndipo iye anali kugona pakati pa anthu oposa 100. Kudumphadumpha kumapatsanso mpata tuzilombo tosamva mankhwala. Akasiya miyezi iwili yathunthu, a cipatala amamuwelenga monga wotayika, ndipo zonse zimayambilanso. TB yosamva mankhwala imafuna mapilitsi ena, okwela mtengo ku boma, olemela m'thupi. Ndipo TB imeneyo sikhala m'ndende. Ofisala amapita nayo kunyumba madzulo, wotulutsidwa pa belo amakwela nayo minibasi imene mwana wanu wakwela. Ngati cifundo simucimva, mvelani mantha.

Cimene cinathandiza sicinali cozizwitsa. Tinapita ku kiliniki yake ya kunyumba, tinapempha kalata yosonyeza nambala yake ya TB, nambala ya ma ARV, tsiku loyambila ndi mlingo wa mapilitsi. Tinajambulitsa makope atatu a kalatayo ndi makhadi. Kope imodzi, pamodzi ndi kalata yaifupi yopita kwa mkulu wa ndende, tinaipeleka ku ofesi yolandilila alendo, ndipo tinapempha kuti kope yathu aidinde ndi kulembapo tsiku. M'kalatamo sitinaimbe mlandu munthu aliyense. Tinangolemba kuti uje, amene anafika pa tsiku lakuti, ali pa mankhwala akuti, sanamwe kucokela pa tsiku lakuti, ndipo tikupempha kuti aonane ndi a zaumoyo. Patapita masiku awili anamuitana. Anam'tenga makhololo kukawapima pa makina a GeneXpert, amene amasonyezanso ngati tuzilombo taleka kumva rifampisini. Mwamwayi tunali tukali kumva, ndipo anapitiliza mankhwala, miyezi yake n'kutalikilako.

Mungadziwe bwanji kuti akumwadi? Pa windo loonelana pamakhala phokoso, nthawi ndi yocepa, ndipo ofisala ali pafupi. Funso limodzi losavuta ndi la mkodzo: rifampisini amaufiilitsa, umakhala ngati wa olenji patapita maola ocepa munthu atamwa. Mufunseninso kuti mapilitsi amasunga ndani, ndipo anam'kweza liti pa sikelo. Yang'anani kolala ya malaya ndi masaya. Ngati maso asanduka acikasu, kapena akusanza kosaleka, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lomwelo, cifukwa mankhwalawa nthawi zina amavulaza ciwindi. Ndipo mvelani mphekesela za kusamutsidwa. Tsiku lom'samutsila ku ndende ina kapena ku famu ndi tsiku lina limene mankhwala amatayika, pakuti munthu amakwela lole m'mamawa koma faelo yake imatsala. Kope yaciwili ija muisungile tsiku limenelo.

Tsopano nkhani yovuta kwambili. Pa tsiku lacitatu lolembetsa, muphwa wathu anakangana ndi kapitawo, ndipo usiku umenewo anamenyedwa ndi paipi pamsana ndi kumapazi. Anatiuza patapita sabata, monong'ona, n'kutipempha kuti tisauze munthu.

Mtima unatiuza kuti tilembe pa Facebook usiku womwewo, ndi cithunzi cake ndi dzina la ndende. Anzathu ena anatilimbikitsa kutumila foni ku wailesi. Tikutsutsa malangizo amenewo ndi mphamvu zonse, ndipo tikudziwa kuti ena adzatiyesa amantha. Inu mukalemba, mumapita kukagona pa bedi lanu. Iye ca m'ma 16 koloko amatsekeledwa ndi anthu omwe aja amene mwawachula. Nthawi yoopsa kwambili kwa mkaidi wodandaula ndi pamene wom'lakwila wadziwa kuti wanenedwa, koma palibe wamphamvu aliyense wa kunja amene wayamba kuyang'ana. Nchito yonse ya kudandaula mosamala ndi kufupikitsa nthawi imeneyo. Wa kunja adziwe coyamba, wa m'kati adziwe pambuyo, ndipo podziwa aone kuti pali maso.

Conco coyamba ndi cilolezo ca mwiniwake. Iye ndiye adziwa amene amagona naye pafupi ndi amene amagawa cakudya. Akakana, musam'pondeleze, mufunseninso paulendo wotsatila, ndipo pakali pano lembani zonse m'kabuku kamene kamakhala kunyumba: tsiku, nthawi, selo, cimene anamenyedwa naco, mbali ya thupi, cimene inu munaona ndi maso anu. Lekanitsani zimene munaona ndi zimene munauzidwa, cifukwa wofufuza adzazilekanitsa. Maina a akaidi ena amene anaona musawapeleke popanda iwo kuvomela. Cokhaco cimene siciyembekeza ndi pamene moyo uli pangozi, monga kusanza magazi, mkodzo wa magazi pambuyo pomenyedwa, kapena kulephela kuimilila. Pamenepo pemphani dokotala tsiku lomwelo, ndipo simufunika kuchula womenya kuti wovulala aonedwe.

Mabala amapola, ndipo umboni umapola nao. N'cifukwa cake kuonana ndi wa zaumoyo kuli patsogolo pa zonse. Wovulalayo apemphe kuti zimene zaoneka pathupi zilembedwe m'faelo yake pamodzi ndi tsiku. Lamulo 34 la malamulo a Mandela limapatsa a zaumoyo udindo wolemba ndi kupeleka lipoti akaona zizindikilo za kuzunzidwa. Sitinama kuti onse amatelo, pakuti ena a iwo amavala yunifomu imodzimodzi ndi amene akunenedwa. Koma ngakhale mzele umodzi wakuti "mikwingwilima pamsana" wokhala ndi tsiku ndi cidindo umalemela kuposa mau athu onse.

Kwa munthu wa pa limandi, khomo labwino koposa ndi khoti. Amapita kumeneko kawilikawili ngakhale mlandu usanayambe, ndipo kwa mphindi zocepa amaima pamaso pa munthu amene sali pansi pa mkulu wa ndende. Angakweze dzanja n'kupempha kukamba, kapena loya wake angakambe: kuti wamenyedwa, kuti sakulandila mankhwala, kuti akupempha khoti ilamule kuti apimidwe ku cipatala ca boma. Zikalembedwa m'faelo ya khoti sizifafanizika, ndipo pa tsiku lotsatila majisitileti angafunse ngati lamulo lake linatsatidwa. Amene alibe loya apite ku Legal Aid Board, ndipo m'ndende zina muli madesiki a othandiza pa za malamulo. Muphwa wathu anavomela njila imeneyi patapita masabata awili. Loya anakamba za mankhwala ndi za mabala, sanachule dzina la kapitawo pagulu, ndipo anapempha kuti asamutsidwile ku selo ina. Zinatheka.

Kwa oweluzidwa kale, amene sapitanso ku khoti, zitseko n'zocepa. Pali Human Rights Commission, imene malamulo amaipatsa mphamvu yoyendela ndende ndi kufufuza madandaulo. Ili ndi maofesi m'zigawo, kuphatikizapo ku Chipata, ndi nambala yaulele ya 8181. Wacibululu angadandaule m'malo mwa mkaidi. Pitani ndi kabuku kanu ndi makope, nenani poyamba penipeni kuti mukuopa kubwezela, ndipo funsani kuti dzina lake lidzaululidwa liti komanso kwa ndani. Palinso oweluza ndi mamajisitileti amene amayendela ndende ndipo ali ndi mphamvu yomva madandaulo; mkaidi angapemphe kukamba nao pambali. Lamulo 56 ndi 57 la Mandela limati mkaidi ali ndi ufulu wodandaula tsiku lililonse, wokamba ndi woyendela popanda maofisala kumva, ndiponso wosalangidwa cifukwa ca dandaulo. Cenjelani ndi cimodzi cabe: bungwe lomva madandaulo okhudza apolisi limaona za kapokola, osati za maofisala a ndende, ndiye ngati anamenyedwela ku polisi asanafike ku ndende, nenani zimenezo momveka kuti nkhani isasocele.

Njila zimenezi n'zocedwa, ndipo zina zimathela pa kalata ya malangizo imene palibe woikakamiza. Ndiye mukadandaula musasowe. Masabata otsatila ndi oyendela kawilikawili, mosinthana, kuti dzina lake lizioneka m'buku la alendo. Ndipo musayese kum'lowetsela foni kuti ajambule umboni. Ikapezeka, nkhani imaleka kukhala ya kumenyedwa kwake, imasanduka ya cinthu coletsedwa, ndipo mwawapatsa cifukwa com'tsekela payekha.

Tikudziwa cimene cikusowa pa zonse talembazi. Zimafuna wacibululu wodziwa kulemba, wokhala ndi ndalama ya basi ndi ya fotokope. Mkaidi wocokela ku Chama kapena ku Chadiza amene wasungidwa kutali, amene banja lake silidziwa n'komwe kumene ali, alibe wom'lembela kalata. Muphwa wathu anatiuza za mdala wina amene anali kugona pafupi naye, wokhosomola usiku wonse, amene sanayendeledwepo ndi munthu. Ufulu umene umagwila nchito pokhapo ngati uli ndi amalume ku tauni si ufulu, ndi mwayi.

N'cifukwa cake zimene tikufuna kwa akuluakulu a ndende ndi a Unduna wa Zaumoyo sizifuna nyumba yatsopano. Mndandanda wa odwala ucoke m'manja mwa kapitawo. Wa zaumoyo aziima yekha pa citseko ca selo iliyonse m'mawa n'kufunsa amene akukhosomola. Munthu akanena pofika kuti ali pa mankhwala a TB kapena ma ARV, kusowa khadi kusakhale cifukwa com'bwezela. Kiliniki ya ndende itumile foni kiliniki yake tsiku lomwelo. Faelo ndi mapilitsi a mwezi wathunthu zikwele lole imodzi ndi mwiniwake. Bokosi la madandaulo likhale ndi kiyi imene ili kunja kwa ndende. Ndipo munthu akafela m'ndende, kufufuza kwa khoti kumene lamulo limafuna kucitike, banja liuzidwe tsiku lake, osati kungoitanidwa kukatenga mtembo ndi kapepala kolembedwa kuti anadwala kwa nthawi yocepa.

Mdala uja tinapeleka nkhani yake kwa gulu la mpingo limene limayendela ndendeyo, popeza iye anavomela. Pamene anapita kukamufunsa, anauzidwa kuti anasamutsidwa sabata lapitalo, ndipo mpaka lelo tikali kulemba makalata kufunsa kumene anapita.